Kanyenyezi ka pa mtengo: kulembanso mndandanda wa mabandulo kuti wogula asapusitsike

Tiyerekeze kampani yaing'ono yolumikiza intaneti m'makomo pa tauni ina. Eni ake si akuba, ndipo intaneti yawo imagwiradi ntchito. Pa chikalata chawo cha mitengo, chomwe amamata pa ofesi n'kumatumizanso pa foni, pali mabandulo atatu. Siliva ndi K7,000 pa sabata ndipo munthu amapeza 10 GB. Golide ndi K36,000* pa mwezi, 100 GB, liwiro "mpaka 20 Mbps". Dayamondi ndi K40,000* pa mwezi, ndipo pambali pake palembedwa ndi zilembo zofiira kuti "Yopanda malire!" M'munsi mwenimweni, m'tizilembo tofuna magalasi, muli mawu akuti malamulo ndi zoyenera kutsata zilipo.

Aliyense woona chikalata chotere aganiza chinthu chimodzi: Dayamondi ikuposa Golide ndi K4,000 yokha, nanga n'kusiyiranji yopanda malire? Achulukitsa K40,000 ndi miyezi 12 n'kupeza K480,000 pa chaka. Koma chaka chikamatha, munthuyu adzakhala atalipira K827,150. Kusiyana kwake, K347,150, kwabisala konse kuseri kwa kanyenyezi kaja. Palibe nambala ngakhale imodzi pa chikalatacho yomwe ili yabodza, komabe wowerenga wachoka ndi chithunzi chabodza. Ntchito yolembanso mndandanda wa mitengo ndi yothetsa vuto limeneli, ndipo lamulo lake lalikulu ndi limodzi: chilichonse chosintha ndalama zimene munthu alipire, kapena chosintha chimene alandire, chiyenera kukhala pomwe pali mtengo, m'zilembo zimene maso angaone.

Yambani ndi malisiti, osati ndi chikalata chakale

Anthu ambiri akauzidwa kuti akonze mndandanda wa mitengo amathamangira kusintha mitundu ndi kukometsa mawu. Poyambira penipeni ndi kutolera zoona zonse, ndipo zoonazo sizikhala malo amodzi. Zina zili m'malisiti a makasitomala amene akhala nanu chaka chathunthu. Zina zili m'kalata ya mgwirizano imene anthu amasaina osawerenga. Zina zili m'mutu mwa mnyamata wokwera padenga kukamanga zida, yemwe amadziwa kuti madzulo intaneti imafooka. Zina zili kwa mayi wa pa kauntala, amene amamva madandaulo omwewo tsiku ndi tsiku. Wolemba akhale pansi ndi onsewa, alembe ndalama iliyonse imene kasitomala amatulutsa kuchokera tsiku loyamba mpaka tsiku losiya.

Pa kampani yathu ija, kutolera kotere kukutulutsa zinthu zisanu ndi chimodzi zimene chikalata sichinanene poyera. Mitengo ya Golide ndi Dayamondi ilibe msonkho wa VAT, pamene wa Siliva uli nawo kale. Kulumikiza koyamba ndi K50,000, msonkho usanaikidwepo. Mtengo wa K40,000 wa Dayamondi ndi wa miyezi itatu yoyamba yokha, kenako umakwera kufika K60,000. Wotenga Dayamondi amamangidwa miyezi 12, ndipo akafuna kuchoka pakati amalipira theka la miyezi yotsala. Akadutsa 200 GB pa mwezi, liwiro limatsitsidwa kufika 1 Mbps. Ndipo wa Golide akamaliza 100 GB yake, intaneti siima. Imapitirira, koma GB iliyonse yoonjezera ndi K1,500.

Tsopano masamu. Titenge VAT ya 16.5 peresenti, mlingo umene Amalawi anauzolowera kwa zaka zambiri. Wolemba mndandanda weniweni aike mlingo umene bungwe la MRA likutolera pa nthawi yakeyo. Golide ikukhala K41,940 pa mwezi. Dayamondi ikukhala K46,600 pa miyezi itatu yoyamba ndi K69,900 pa miyezi isanu ndi inayi yotsatira. Kulumikiza kukukhala K58,250. Tikaphatikiza, chaka choyamba cha Dayamondi ndi K139,800 kuonjezera K629,100 kuonjezeranso K58,250, ndiyo K827,150 ija. Chaka cha Golide ndi K561,530. Mabandulo awiri amene ankaoneka osiyana ndi K4,000 pa mwezi akusiyana ndi K265,620 pa chaka, kutanthauza ndalama zoposa K22,000 mwezi uliwonse.

Nthawi zambiri eni bizinesi nawonso amadabwa akaona nambala zoterezi. Zinthu zobisikazi sizibwera tsiku limodzi. Wina anaika mtengo wokopa pa Khirisimasi n'kuiwala kuuchotsa, wina anaonjezera malire a 200 GB ataona kuti nyumba zochepa zikumaliza intaneti ya onse, ndipo chilichonse chinkangoponyedwa pansi pa kanyenyezi chifukwa ndi pamene panali malo.

Muyeso ukhale umodzi

Wogula chimanga pamsika amadziwa kuti sangayerekeze mitengo ngati wogulitsa wina akuyezera ndowa, wina chigoba, wina mbale, ndipo ndowa ina ndi yophwanyidwa pansi. Chikalata chakale chija chikuchita zomwezo: bandulo ina ikuyezedwa pa sabata, ina pa mwezi, ina ili ndi msonkho, ina ilibe, ina yatchulidwa kuchuluka kwa data, ina liwiro, ina mawu okoma okha. Choncho ntchito yachiwiri ndi kusankha miyeso yochepa n'kuyezera mabandulo onse miyeso yomweyo, popanda kulumpha bokosi.

Muyeso woyamba ndi nthawi. K7,000 pa sabata ndi K1,000 pa tsiku, choncho masiku 30 ndi K30,000. Munthu wowerengera mwachangu amati mwezi uli ndi masabata anayi, n'kupeza K28,000, koma masabata anayi ndi masiku 28 okha. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa, komabe n'kumene ogulitsa ena amadyerapo: bandulo yotha masiku 28 aliwonse imagulidwa ka 13 pa chaka, osati ka 12. Mndandanda woona mtima sulemba kuti "mwezi" pamene ukutanthauza masiku 28. Umalemba masiku ake enieni. Kampani yathu siyenera kuthetsa kulipira pa sabata, chifukwa anthu ambiri amapeza ndalama pang'onopang'ono ndipo njira imeneyi ndi imene angaikwanitse. Ingolemba K7,000 pa masiku 7, n'kuika pansi pake kuti pa masiku 30 ndi K30,000.

Muyeso wachiwiri ndi mtengo wa GB imodzi. Siliva ndi K700 pa GB. Golide ndi pafupifupi K419. Dayamondi, tikawerengera 200 GB ya liwiro lonse pa mtengo wake wokhazikika, ndi pafupifupi K350. Nambala zitatuzi zikuuza wogula chinthu chimene chikalata chakale chinabisa: bandulo yotsika mtengo polipira ndiyo yodula kwambiri pa GB. Wosauka ndiye amene akugula modula. Ena angaope kulemba zimenezi, koma munthu wosankha Siliva akudziwa chifukwa chake amasankha ndi maso otsegula, ndipo tsiku limene thumba lake lidzalole adzadziwa kumene angasamukire.

Muyeso wachitatu ndi umene ogulitsa ambiri amauthawa: ndalama zotuluka m'thumba tsiku loyamba, ndi ndalama zonse za chaka choyamba. Nambala ziwirizi zimameza zobisika zonse. Mtengo wokopa wa miyezi itatu, ndalama zolumikizira, msonkho, zonse zimalowa mmenemo, ndipo palibe njira yozikometsera. Ku Britain, bungwe loyang'anira zotsatsa malonda la ASA linakhwimitsa malamulo mu 2016 litapeza kuti anthu ambiri sankatha kuwerengera mtengo weniweni wa intaneti ya pakhomo kuchokera pa zotsatsa. Kuyambira pamenepo makampani anayenera kusonyeza mtengo wonse wa pamwezi popanda kupatula ndalama ya lamya, ndi kuonetsa bwino kutalika kwa mgwirizano komanso mtengo umene udzabwere nthawi yotsitsa ikatha.

Mawu anayi oyenera kuwafunsa mafunso

Pali mawu amene amapezeka pa mindandanda yambiri ya mitengo, ndipo lililonse likaoneka, wolemba aime n'kufunsa kuti likubisa chiyani.

Loyamba ndi "yopanda malire". Dayamondi ili ndi malire: 200 GB, kenako 1 Mbps. Eni ake anganene kuti intaneti siima, choncho sananame. Koma tiyeni tione tanthauzo la 1 Mbps. Kukopera fayilo ya 1 GB pa liwiro la 12 Mbps kumatenga mphindi pafupifupi 11. Pa 1 Mbps kumatenga maola awiri ndi mphindi zoposa khumi. Mauthenga a WhatsApp amayendabe, koma m'nyumba ya anthu asanu, wina akuonera mpira, wina ali pa phunziro la pa kanema, zonse zimangozungulira. Chimene munthu analipirira chasanduka china. Ku Amereka, kampani ya AT&T inavomera mu 2019 kulipira madola 60 miliyoni pa mlandu umene bungwe la boma la FTC linaisumira chifukwa chochepetsa liwiro kwa makasitomala amene anagula data yotchedwa yopanda malire osawauza mokwanira. Kulemba koona n'kosavuta: 200 GB pa liwiro lonse, kenako 1 Mbps mpaka masiku 30 atha, popanda kulipira zoonjezera. Mawu omalizawa ndi ubwino weniweni wa bandulo imeneyi, ndipo chikalata chakale sichinawatchule n'komwe.

Lachiwiri ndi "mpaka". Liwiro la "mpaka 20 Mbps" likhoza kukhala 20, likhoza kukhala 2, ndipo wogulitsa amakhalabe wosalakwa. Mwina 20 imapezeka usiku pakati anthu onse atagona. Ku Britain komweko, kuyambira Meyi 2018, otsatsa intaneti ya pakhomo anauzidwa kuti liwiro limene atchula likhale limene theka la makasitomala kapena kuposerapo amalipeza pa nthawi yotanganidwa, kuyambira 8 koloko mpaka 10 koloko usiku. Kampani yaing'ono ikhoza kutsanzira njira imeneyi popanda kudikira lamulo. Iyeze liwiro m'nyumba zingapo, zapafupi ndi zakutali, madzulo aliwonse kwa masabata awiri, isanje zotsatira kuchokera chochepa mpaka chachikulu, n'kutenga chapakati. Tinene kuti kampani yathu yapeza 4 Mbps pa Siliva ndi 12 Mbps pa Golide. Yapezanso kuti Dayamondi nayo ndi 12 Mbps, chifukwa imayenda pa zida zomwezo. Ngati zili choncho, mndandanda usasiye mpata woti munthu aganize kuti bandulo yodulayo ndi yothamanga kuposa inzake.

Lachitatu ndi "kuyambira". Mawu akuti "kuyambira K7,000" ndi oona pokhapokha ngati munthu angathedi kutulutsa K7,000 n'kulandira chinthucho. Pa kampani yathu palibe kasitomala watsopano amene angayambe ndi ndalama zochepera K65,250. Lachinayi ndi "ulere". Ngati rauta imaperekedwa popanda kulipira koma ndi ya kampani ndipo iyenera kubwezedwa posiya, mawu oyenera ndi "yobwereka". Kuitcha yaulere n'kuitana mkangano wa tsiku limene anyamata adzabwere kudzaitenga.

Mndandanda watsopano

Tikaika zonse pamodzi, chikalata chija chikusanduka tebulo ili. Mitengo yonse ili ndi VAT kale.

| | 10 GB pa masiku 7 | 100 GB pa masiku 30 | 200 GB pa masiku 30 |
|---|---|---|---|
| Mtengo wokhazikika | K7,000 (masiku 30: K30,000) | K41,940 | K69,900 |
| Kutsitsa kwa oyamba kumene | Palibe | Palibe | K46,600 miyezi 3 yoyamba |
| Kulumikiza, kamodzi kokha | K58,250 | K58,250 | K58,250 |
| Zolipira tsiku loyamba | K65,250 | K100,190 | K104,850 |
| Zonse za chaka choyamba | K422,250 | K561,530 | K827,150 |
| Mtengo wa 1 GB | K700 | K419 | K350 |
| Liwiro la madzulo | 4 Mbps | 12 Mbps | 12 Mbps |
| Data ikatha | Imaima | K1,500 pa GB, mukavomera | 1 Mbps, osalipira zina |
| Data yotsala | Imatha ndi masiku | Imatha ndi masiku | Imatha ndi masiku |
| Kusiya | Nthawi iliyonse | Dziwitsani masiku 30 | Mgwirizano wa miyezi 12. Theka la miyezi yotsala |

Taonani zosankha zimene zapangidwa pano. Pa bandulo yachitatu, nambala yapamwamba ndi K69,900, mtengo umene munthu adzalipire miyezi yambiri, ndipo kutsitsa kwabwera pansi pake monga mphatso. Chikalata chakale chinachita mosemphanitsa. Mzere wa kutsitsa uli ndi mawu akuti "Palibe" m'mabokosi awiri, chifukwa bokosi losiyidwa lopanda kanthu limasiya wowerenga akudzifunsa ngati wolemba anaiwala. Mzere wa data yotsala ndi wofanana pa mabandulo onse, ndipo wina anganene kuti ndi wosafunika, koma ndi funso limene anthu amafunsa kwambiri, choncho yankho lake likhalepo ngakhale lili losakoma.

Mayina aja a Siliva, Golide ndi Dayamondi achoka. Sankauza munthu chilichonse kupatula kuti ina ndi yapamwamba kuposa inzake, ndipo ankachititsa manyazi wogula yotsika. Dzina lonena chimene chili m'kati limathandiza ngakhale pa foni: kasitomala akati "ndili pa ya 100 GB", wa pa kauntala safunikira kutanthauzira.

Pali mzere umodzi umene wasintha osati mawu okha koma kachitidwe ka kampani: "mukavomera". Polemba poyera kuti data ikatha GB iliyonse ndi K1,500, ndalama zoposa katatu ndi theka mtengo wa m'bandulo, eni kampani anaona okha kuti sangakwanitse kuziteteza ngati zimangoyamba munthu osadziwa. Izi zimachitika kawirikawiri: lamulo limene likukuvutani kulilemba m'zilembo zazikulu mwina ndi lamulo loyenera kusinthidwa. Ku South Africa, bungwe la ICASA linaika malamulo amene anayamba kugwira ntchito mu 2019, oletsa makampani a foni kudula ndalama za kunja kwa bandulo popanda chilolezo cha kasitomala, ndi owakakamiza kutumiza uthenga data ikafika pa 50, pa 80 ndi pa 100 peresenti.

Chilango chosiya pakati nacho chifunika chitsanzo, chifukwa mawu akuti "theka la miyezi yotsala" sapweteka mpaka atasanduka kwacha. Pansi pa tebulo palembedwe chiganizo chimodzi: mukasiya patatha miyezi 6, mudzalipira K209,700. Munthu amene amakhala nyumba ya lendi, kapena amene kuntchito angamusamutse nthawi iliyonse, akaona nambala imeneyo adzadziwa yekha kuti bandulo yachitatu si yake.

Kuthandiza munthu kusankha popanda kumukankha

Tebulo limayankha mafunso a ndalama, koma anthu ambiri sadziwa kuti 100 GB ndi yochuluka bwanji. Apa wolemba awapatse chowerengera chimodzi chodziwika. Kuonera kanema wooneka mwapakatikati kumadya pafupifupi 1 GB pa ola. Choncho 10 GB pa sabata ndi pafupifupi ola limodzi ndi theka pa tsiku, 100 GB ndi maola atatu ndi pang'ono, ndipo 200 GB ndi maola oposa asanu ndi limodzi, kwa nyumba yonse osati munthu mmodzi. Pafunikanso kunena kuti kanema wowala kwambiri amadya kangapo kuposa apa.

Chinthu china chothandiza ndi kuuza wogula pamene bandulo imodzi imasiya kukhala yotchipa. Wa 100 GB akagwiritsa ntchito 120 GB, alipira K41,940 kuonjezera K30,000, zonse K71,940, zomwe zaposa kale K69,900. Choncho mndandanda unene kuti amene amafika 120 GB mwezi ndi mwezi apindula ndi bandulo yachitatu, ndipo amene safika pamenepo akhale pa yachiwiri. Uphungu woterewu ukhoza kubweza anthu ena ku bandulo yotsika, koma umapangitsanso kuti ofunikadi yaikulu aitenge popanda kukayika.

Izi n'zosiyana ndi njira zokankhira anthu zimene akatswiri a zamalonda amazidziwa bwino. M'buku lake la 2008 lotchedwa Predictably Irrational, Dan Ariely anafotokoza za mitengo ya magazini ya The Economist: kuwerenga pa intaneti kokha madola 59, ya pepala yokha madola 125, zonse ziwiri madola 125 omwewo. Palibe wanzeru amene angasankhe yapakatiyo, koma kukhalapo kwake kunkachititsa kuti yachitatu ioneke ngati mwayi, ndipo pa kuyesa kwake, atangoichotsa, ophunzira ambiri anatembenukira ku yotsika mtengo. Pa chikalata chathu chakale, Golide ya K36,000 pafupi ndi Dayamondi ya K40,000 inkagwira ntchito yomweyo ya nyambo. Muyeso wake ndi uwu: bandulo iliyonse pa mndandanda ikhale ndi munthu weniweni amene ingamuyenere kuposa zinzake. Ngati simungamutchule munthuyo, bandulo imeneyo ichoke. Chimodzimodzinso chizindikiro chakuti "ambiri amasankha iyi": chiikidwe pokhapokha mabuku a kampani akuvomereza.

Zazing'ono za kaonekedwe nazo zili ndi ntchito. Mabandulo asanjidwe kuchokera wotsika mtengo kupita wokwera. Mizere itsatane mofanana pa lililonse. Popeza ambiri adzaona mndandandawu pa foni, pomwe tebulo lalikulu silikwana, bandulo iliyonse ikhale ndi kachigawo kake kokhala ndi mizere yomweyo m'dongosolo lomwelo, kuti chala chikamatsika maso adziwe poyang'ana. Ndipo ngati chikalata chili m'Chichewa, malamulo ake akhalenso m'Chichewa. Kulemba mawu okopa m'chinenero cha anthu n'kusiya zomangira m'Chingerezi cha maloya ndi kanyenyezi komweko kovala malaya ena.

Kuyesa ngati zatheka

Wolemba sangadziyese yekha, chifukwa amadziwa kale mayankho. Atenge anthu asanu amene sanaonepo mndandandawo, ena ophunzira kwambiri, ena ayi, awapatse pa foni kapena pa pepala, awafunse mafunso anayi, iye akhale chete. Mulipira zingati lero? Mulipira zingati mwezi wachinayi? Data ikatha chichitike n'chiyani? Mukafuna kusiya patatha miyezi isanu ndi umodzi, mutaya zingati? Funso la mwezi wachinayi ndilo lokola, chifukwa ndi pamene mtengo wokopa umathera. Anthu awiri mwa asanu akalakwitsa funso lomwelo, vuto lili pa pepala osati mwa iwo. Wolemba ayang'ane pamene chala chawo chinaima, akonze mzere umenewo, ayesenso ndi anthu ena.

Pali njira ziwiri zimene ntchitoyi imalephererera. Yoyamba ndi kukhuthula zonse. Wina akamva kuti asabise kanthu amaika mizere 30, kuphatikiza mtundu wa waya ndi nambala ya rauta, mpaka chilango cha K209,700 chimira pakati pa zopanda pake. Kuchulukitsa ndi njira inanso yobisira. Chosefera chake n'chomwe chija: kodi mzerewu ukusintha ndalama, chimene munthu alandire, kapena ufulu wake wochoka? Ngati ayi, upite ku kalata ya mgwirizano. Yachiwiri ndi kusagwirizana kwa mapepala. Mndandanda ukunena K41,940, lisiti likutuluka ndi nambala ina, wogulitsa wa m'misika akadali ndi chikalata chakale ndipo akulonjezabe zopanda malire chifukwa amalipidwa pa mutu uliwonse umene wabweretsa. Mankhwala ake ndi kulemba tsiku pa mndandanda, kutolera makope akale onse, ndi kusankha munthu mmodzi amene mtengo uliwonse ukasintha amasintha malo onse tsiku lomwelo.

Nkhani ya tsikuyi ndi yaikulu kuno kwathu. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo kampani iliyonse yogula zida kapena intaneti kunja inakakamizika kuganiziranso mitengo. Wogulitsa amene akumanga munthu miyezi 12 ayenera kunena ngati mtengo ungakwere pakati pa mgwirizano, adzadziwitsa masiku angati zisanachitike, ndiponso ngati kasitomala angachoke popanda chilango zikatero. Kumanga wogula pamene wogulitsa ali womasuka kukweza mmene afunira si mgwirizano wa anthu awiri. Ku Britain, bungwe la Ofcom linalamula kuti kuyambira Januwale 2025 kukwera kulikonse kwa pakati pa mgwirizano kulembedwe m'ndalama zenizeni munthu asanasaine, osati m'maperesenti odalira kukwera kwa mitengo ya zinthu kumene palibe angakudziwiretu.

Mtengo wa kunena zoona

Tisanamizane: mndandanda watsopano ukhoza kuchepetsa anthu otenga bandulo yodula, makamaka ngati kampani yoyandikana nayo ikulembabe K40,000 ndi kanyenyezi. Mwini bizinesi amene amangowerenga olembetsa atsopano a mwezi woyamba adzaganiza kuti walakwitsa. Zowerenga zoyenera ndi zina: ndi angati akusiya kulipira mwezi wachinayi, ndi angati akubwera kudzakangana za lisiti, ndi ma rauta angati akukatengedwa miyezi isanu ndi umodzi isanathe. Kasitomala wolowa chifukwa cha nambala yolakwika amadya mafuta a galimoto, waya ndi tsiku la amisiri, kenako n'kuchoka ali wokwiya, ndipo pa tauni yaing'ono mkwiyo wake umafika ku tchalitchi ndi ku gulu la banki m'khonde sabata isanathe. Kuli bwino kuyankha wopikisana naye mwa kuphunzitsa ogula funso limodzi loti akamufunse: chaka chonse ndidzalipira zingati?

Palinso lamulo. M'Malawi muno, lamulo loteteza ogula la 2003 ndi lamulo la mpikisano ndi chilungamo pa malonda, lomwe linakonzedwanso mu 2024, amaletsa kusocheretsa ogula, ndipo bungwe la CFTC limalandira madandaulo otere. Pa nkhani za foni ndi intaneti palinso MACRA. Wogula amene wapeza kuti lisiti likusiyana ndi chimene analonjezedwa asunge chithunzi cha chikalatacho, lisiti ndi mauthenga onse, ayambe wadandaula kwa wogulitsa molemba, ndipo zikakanika apite nazo ku mabungwe amenewa.

Njira imene tatsata pano sikuthera pa intaneti. Wogulitsa sola yolipira pang'onopang'ono alembe ndalama zonse mpaka tsiku limene chidacho chidzakhale cha wogula, ndi chimene chimachitika akaphonya masabata awiri. Sukulu yoyendetsedwa ndi anthu wamba ilembe fizi pamodzi ndi yunifolomu, mayeso ndi ndalama ya chitukuko, pa chaka osati pa teremu yoyamba yokha. Wobwereketsa ndalama alembe kuti wotenga K100,000 adzabweza zingati zonse pamodzi, ndipo adzalandiradi zingati m'manja zodula zikachotsedwa. Pa malonda onsewa, poyambira ndi kutenga malisiti a kasitomala mmodzi wa chaka chathunthu, kuwaphatikiza, n'kuona ngati nambala yotulukayo munthu akanatha kuipeza yekha pa mndandanda wanu asanalipire.